Funso limodzi kwa injiniya wosamudziwa pa LinkedIn

Chaka chomaliza cha maphunziro a ulimi wamthirira chili ndi ntchito ina yomwe siili pa ndandanda wa makalasi: kufunafuna anthu omwe ali kale pa ntchito n'kuyamba kulankhula nawo. Ambiri a ife timachita izi pa LinkedIn, malo a pa intaneti olumikizirana pa nkhani za ntchito. Sabata yatha ine ndi mnzanga wa m'kalasi tinakhala pansi kukonza uthenga womwe amafuna kutumiza kwa mayi wina, injiniya wogwira ntchito m'masikimu a mthirira cha ku Chikwawa. Sanakumanepo. Chomwe mnzangayu ankadziwa n'chakuti mayiwa anali atangolemba pa tsamba lawo za mapampu a sola omwe akuwonongeka msanga chifukwa cha mchenga wobwera ndi madzi a mumtsinje.

Uthenga unali wa Chingerezi, monga ambiri amalembera kumeneko, koma mfundo zake zinali izi:

"Moni bwana, ndikukhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ine ndine wophunzira wakhama ndi wodzipereka, ndipo ndimasirira kwambiri ntchito yabwino imene mukugwira. Ndikupempha kuti mundithandize ndi mwayi uliwonse umene ungapezeke. Ndidzakhala wothokoza kwambiri."

Mwano mulibemo. Akanauwerenga amalume ake akanati mwana waleredwa bwino. Koma tinayamba tagundana ndi malire a malo. Kalata yomwe imaperekeza pempho lolumikizana imalola zilembo 300 zokha, ndipo kwa ife osalipira ndi 200, kuwerengera ndi mipata yomwe. Moni ndi kufunsa za banja zinali zitadya kale gawo lalikulu nkhani isanayambe. Kwathu mlendo amaodira, apatsidwe mpando, afunsane za moyo, kenako anene chomwe wadzera. Apa mpando palibe. Mwini nyumba wasuzumira pazenera, foni ili m'manja, ndipo akuwerenga mzere umodzi kapena iwiri kuti aone ngati atsegule.

Komabe kutalika si kumene kunandivuta kwambiri. Ndinamufunsa mnzangayo kuti, "Iwe, ukanakhala mayiwa, ukanayankha kuti chiyani?" Anaganiza kanthawi, n'kuseka. Uthengawo ulibe poyankhira. Munthu akapempha "mwayi uliwonse", wasenzetsa mnzake ntchito yonse: aganize kuti wolembayo amadziwa chiyani, akufuna ntchito kapena malo ophunzirira ntchito, ali kuti, amaliza liti. Ndipo akavomera kuyankha, mayankho ndi awiri okha. Mwina alonjeze zomwe alibe mphamvu nazo, mwina akane munthu amene sanamulakwire. Anthu ambiri safuna kuchita chilichonse mwa ziwirizi, ndiye amangokhala chete. Wotumiza amatenga chete ameneyo ngati kunyada, pomwe wolandirayo wangosowa chonena.

Chiganizo chosirira ntchito yawo nachonso tinachichotsa. Njira yoyesera ndi yapafupi: sintha dzina la wolandira, uike la wina aliyense. Ngati chiganizocho chikugwirabe, ndiye kuti sichikunena kanthu za munthuyo. "Ntchito yabwino imene mukugwira" ikhoza kupita kwa namwino, kwa loya, kwa wogulitsa inshuwalansi. Amene amalandira mauthenga ambiri amazindikira msanga kalata yotumizidwa kwa anthu makumi nthawi imodzi. Chimodzimodzi "wakhama ndi wodzipereka". Palibe amene amalemba kuti ndi waulesi.

Ndiye tinabwerera ku zomwe mayiwa analemba, n'kuziwerenga modekha. Apa ndi pomwe panapita nthawi yambiri, kuposa kulemba kwenikweniko. Iwo anafotokoza kuti mchenga umadya chopukusa madzi cha mkati mwa pampu, madzi otuluka n'kumachepa pang'onopang'ono ngakhale dzuwa likuwala bwino, ndipo alimi amayamba kukayikira mapanelo. Mnzangayu pulojekiti yake yomaliza ndi yoyeza kuchuluka kwa mchenga ndi matope m'madzi a mthirira. Chinthu chowalumikiza chinalipo kale, koma mu uthenga woyamba sichinatchulidwe n'komwe, chifukwa iye ankaona ngati kutchula pulojekiti yake ndi kudzikweza pamaso pa akuluakulu.

Uthenga wachiwiri unatuluka chonchi:

"Moni mayi. Ndawerenga zomwe munalemba za mchenga m'mapampu a sola. Ndikumaliza digiri ya mthirira, pulojekiti yanga ndi ya mchenga womwewo. Kodi inu mumadikha madzi padziwe asanalowe m'pampu, kapena sefa yokha imakwana?"

M'Chingerezi tinachita kudulira mawu angapo kuti ukwane, koma unakwana. Moni watsala umodzi, ndipo ndi wokwanira. Ulemu wasamukira kwina: ukuoneka poti munthu wawerengadi zomwe analemba, ndiponso sakuwadyera nthawi. Funsolo ndi la mbali ziwiri, moti akhoza kuyankha ndi chiganizo chimodzi ali m'galimoto. Ndi funsonso lomwe yankho lake lili ndi iwo, chifukwa mabuku amatchula njira zonse ziwiri, koma chomwe chimagwira pa sikimu inayake chimadalira madzi a pamalopo, malo omangapo dziwe, ndi amene azichotsa mchenga ukadzaza. Funso loti akhoza kulipeza pongofufuza pa intaneti likanaonetsa ulesi.

Mnzangayu anadandaula kuti nanga za ntchito bwanji, poti n'zomwe akufuna. Apa tinasiyana maganizo pang'ono. Iye ankati kubisa cholinga ndi chinyengo. Ine ndimaona kuti palibe chobisika: mawu oti "ndikumaliza digiri" aliyense wogwira ntchito amadziwa tanthauzo lake. Chinyengo chikanakhalapo funsolo likanakhala lopeka, longotsegulira njira. Koma iye yankholo akulifunadi, lilowa m'pulojekiti yake ngakhale ntchito isadzapezeke. Ngati ulibe funso lotere kwa munthuyo, mwina si woyenera kumulembera panopa.

Pali tina ting'onoting'ono ta pa makinawo tomwe timawonongetsa ntchito yonseyi. Pa kompyuta ukadina Connect amakufunsa ngati ukufuna Add a note. Pa foni batani lomwelo nthawi zambiri limangotumiza pempho lopanda mawu, moti uyenera kutsegula tsamba la munthuyo, kudina timadontho titatu, n'kusankha Personalize invite. Ukaphonya n'kubweza pempholo, sungamutumizirenso munthu yemweyo mpaka patapita masabata ngati atatu. Komanso wolandira akadina Ignore amatha kunena kuti sakukudziwa, ndipo anthu ambiri akatero LinkedIn ikhoza kukuletsa kutumiza mapempho ena. Choncho kumwaza uthenga umodzi kwa aliyense kuli ndi mtengo wake. Tisanatumize tinakonzanso mzere wa pansi pa dzina lake, womwe unkangoti akufuna mwayi, kuti unene zomwe akuphunzira ndi mutu wa pulojekiti, poti umaoneka limodzi ndi pempholo.

Mayiwa anavomera, ndipo yankho lawo linali lalifupi: sefa yokha imatsekeka msanga nthawi ya mvula, amakonda kadziwe kodikhira madzi, koma vuto ndi loti alimi amatopa kukachotsa mchenga. Mnzangayu anafuna kutumiza pomwepo mapepala ake onse a sukulu. Tinagwirizana kuti angothokoza, anene kuti aikamo nkhani ya kuchotsa mchengayo m'mafunso omwe akafunse alimi, ndipo akamaliza kuyeza madzi adzawatumizire zotsatira pa tsamba limodzi.