Nkhani ya namwino woba petidini: mmene ndinalembera yankho atandibwezera koyamba

Lachisanu lapitali ndi pamene mtima wanga unakhala pansi. Asainimenti ya khalidwe la unamwino yomwe inandisowetsa tulo masabata atatu yabwera ndi malikisi 71, pomwe ulendo woyamba ndinapeza 38 ndi inki yofiira pafupifupi tsamba lililonse. Ndikulemba izi ukali usanathe, chifukwa chimene chinandigwetsa chinali chinthu choti munthu akanatha kundiuza m'mphindi zisanu.

Nkhani yomwe anatipatsa inali iyi. Namwino wina, tingomutcha woyamba, ali pa shifiti ya usiku mu wodi ya amayi ochira ndi opaleshoni. Pa 22:00 akuona mnzake akutseka kabati ya DDA, yotsekeramo mankhwala oopsa, n'kuika kabotolo ka jakisoni m'thumba la yunifomu. Mu rejisitala mwalembedwa kuti mayi wa pa bedi 4 wabayidwa petidini, mankhwala amphamvu oletsa ululu, 100 mg nthawi yomweyo. Pa 23:00 mayi uja akubuula ndi ululu, akunena kuti chibwerereni ku fiyeta sanabayidwe chilichonse. Mnzakeyo ndi wamkulu pa ntchito, ndiponso ndi amene anamuphunzitsa woyambayu ntchito ya mu wodi. Funso linali lakuti woyambayo achite chiyani, ndipo chifukwa chiyani. Mawu 1,500, m'Chingerezi monga mwa masiku onse.

Ulendo woyamba ndinalemba ngati ndikulalikira. Ndime yoyamba ndinamutcha kale mnzakeyo wakuba, ndinadzaza masamba awiri ndi kuipa kwa kuba mankhwala m'zipatala za boma, ndipo ndinamaliza ndi kuitana apolisi. Mayi wa pa bedi 4 ndinamutchula kamodzi kokha. Madamu otiphunzitsa anazunguliza mawu oti wakuba n'kulemba pambali kuti, waona ndani? Pansi penipeni analemba kuti wodwala wamusiya ali mu ululu usiku wonse. Zinandipweteka, koma ankanena zoona.

Ndiye choyamba, musanalembe chiganizo chilichonse, tengani pepala mulijambule mzere pakati. Mbali imodzi lembani zimene namwinoyo waona ndi maso kapena kumva ndi makutu ake, mbali inayo zimene akungoganiza. Mu nkhani yathuyi zimene waona ndi zochepa: kabotolo kalowa m'thumba pa 22:00, rejisitala ikuti mankhwala aperekedwa, malo a siginecha ya mboni ndi opanda kanthu, wodwala akukana kuti sanabayidwe ndipo ali mu ululu. Basi. Zoti mnzakeyo akugulitsa, kapena akudzibaya yekha, kapena wakhala akuchita kalekale, zonsezo ndi za mbali yachiwiri. Ngakhale zoti kabotolo kaja kanali ka petidini nazonso ndi zongoganiza, chifukwa nkhaniyo sinanene kuti anawerenga dzina lake. Ndime yanga yoyamba yatsopano inali imeneyi yokha, mawu ngati 200, ndipo ndinagwiritsa ntchito mawu oti akuganiziridwa mpaka kumapeto.

Pali malo amodzi pamene ambiri m'kalasi mwathu anagwa, ndipo mpofunika kufatsa napo. Anzanga analemba kuti namwino awerenge mankhwala mu kabati, akapeza kuti aperewera ndiye umboni. Koma taonani. Polandirana shifiti anawerenga timabotolo 10. Rejisitala ikuonetsa kuti awiri aperekedwa, wina pa 20:00 kwa mayi wa pa bedi 2, wina pa 22:00 kwa wa pa bedi 4, otsala 8. Mukatsegula kabati mupeza 8 ndithu. Nambala zikugwirizana bwinobwino, chifukwa amene watenga walemba dzina la wodwala kuti abise. Kuwerenga kumagwira munthu amene watenga osalemba. Amene walemba zabodza kumamudutsitsa. Choncho zizindikiro zili kwina: siginecha ya mboni yomwe palibe, pomwe mankhwala a mu kabati imeneyi amatulutsidwa ndi kubayidwa pali anamwino awiri, tchati cha mankhwala cha wodwalayo ngati chasainidwa kapena ayi, ndi wodwala mwiniwake. Nditalemba zimenezi madamu anachonga kawiri pambali.

Ndisanapitirize ndinene za tsiku lomwe linandithera pachabe, chifukwa mpaka pano likundiwawa. Atandibwezera pepala anati ndikaonane nawo Lachiwiri m'mawa. Ndinadzuka ku Chibavi kukuwaza kamvula kozizira kathu ka kuno, ndinakwera kabaza, 7:30 ndili pa khomo la ofesi. Chitseko chokhoma. Ndinakhala pa benchi mpaka 10:00, kenako mlembi akundiuza kuti madamu apita kukayendera ophunzira ku wodi, komanso kuti pepala lobwereza salandira popanda fomu yosainidwa. Fomuyo ili ku ofesi ina. Kumeneko anati ndiyambe ndalipira. Wolandira ndalama anali atapita ku nkhomaliro isanakwane 12:00, anabwera 14:00 itadutsa. Nditabwerera ndi lisiti, wosaina fomu uja anali atatuluka. Tsiku lonse ndi nsapato zonyowa, osadya, osaonana ndi amene ndinadzera. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza poyamba kuti zinthu ndi zitatu, lisiti, fomu ndi pepala lakale lochongedwa, zonse pamodzi. Lakalelo ndinali nditalisiya kunyumba, ndiye Lachitatu ndinayendanso. Ngati akubwezerani, musataye pepala lofiiralo, pitani nalo.

Tibwerere ku yankho. Mukatha kusiyanitsa zoona ndi zongoganiza, gawo lotsatira ndi wodwala, osati mnzakeyo. Apa ndi pamene panali malikisi ambiri. Namwino apime ululu wa mayiyo, awerenge kapumidwe, kugunda kwa mtima ndi BP, aone ngati ali ndi tulo tachilendo, ayang'anenso bala ndi kutaya magazi, chifukwa ululu wa munthu wa opaleshoni ukhoza kukhala ndi chifukwa china. Koma asathamangire kukatenga petidini wina n'kubaya. Buku likuti mayiyo walandira 100 mg ola limodzi lapitalo. Ngati analandiradi, mwina ali m'tulo ta mankhwala a ku fiyeta osazindikira, kumuwonjezera wina kukhoza kufooketsa kapumidwe kake. Ngati sanalandire, kumusiya ndi nkhanza. Namwino payekha sangadule mlandu umenewu, ndiye aitane dokotala kapena kilinishani wa usikuwo, amuuze mosabisa kuti pali chikayiko ngati mankhwala olembedwawo anaperekedwa, kuti iyeyo aone wodwala ndi kulamula chochita. Zonse zilembedwe mu faelo ndi nthawi yake.

Mfundo zinayi zija zimene timaloweza, kuchitira wodwala zabwino, kusamuvulaza, chilungamo ndi kulemekeza ufulu wake, musaziike ngati mndandanda wa matanthauzo. Ine ulendo woyamba ndinatero, ndipo anangodula mzere tsamba lonselo. Mfundo iliyonse imangirireni pa chinthu cha mu nkhaniyo. Kusavulaza ndi jakisoni wachiwiri uja. Chilungamo chili mbali ziwiri: petidini amene wasowa anali wa mayi wina amene adzamufune mawa, komanso mnzakeyo ali ndi ufulu womvedwa asanaweruzidwe. Ndipo munene poyera chimene chikumukoka namwinoyo mbali inayo, kuti uyu ndi munthu amene anamugwira dzanja ali watsopano, kuti akuopa kutchedwa kazitape mu wodi. Mukabisa zimenezi yankho limaoneka ngati palibe vuto loti muthetse. Kenako munene mbali imene mwasankha. Ine ndinalemba kuti kukhulupirika kwa mnzako kumathera pamene wodwala wayamba kuvutika.

Za malamulo ndinalemba ndime imodzi yokha, ndipo inakwana. Petidini ali m'gulu la mankhwala otetezedwa ndi lamulo la mankhwala oopsa, lomwe kabati ya DDA inatengerako dzina. Mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA pansi pa lamulo la 2019. Khalidwe la namwino limayang'aniridwa ndi Khonsolo ya Anamwino ndi Azamba pansi pa lamulo la 1995, ndipo khonsoloyi ili ndi mphamvu yolanga mpaka kuchotsa munthu m'kaundula. Chimene ndinaonjezera, chomwe ndinachiiwala poyamba, n'chakuti kulemba zabodza mu rejisitala ndi cholakwa pachokha, ndipo woyambayo akasaina ngati mboni pa zimene sanaone, kaya mnzakeyo amupemphe m'mawa kuti angotseka mpatawo, walowa nawo m'mlandu.

Ndakumbukira china cha usiku womwewo chomwe ndikanayenera kunena kale. Kodi amufunse mnzakeyo? Ndinalemba kuti akhoza kumufunsa modekha, pambali, funso la ntchito: mayi wa pa bedi 4 akuti sanabayidwe, tandithandizani. Mwina pali yankho, mwina anaitanidwa mwadzidzidzi asanabaye ndipo kabotolo kadakali m'thumba. Koma kufunsako sikulowa m'malo mwa lipoti. Asamusechenso m'thumba kapena m'chikwama, si ntchito yake, ndipo asafufute kapena kukonza kalikonse mu rejisitala. Ngati mnzakeyo akuoneka wosinza, wolankhula mosokonekera, ndiye nkhani yakula, chifukwa odwala ena onse ali m'manja mwake. Apa woyang'anira usiku aitanidwe nthawi yomweyo kuti makiyi a kabati achoke m'manja mwake. Ndinaikanso chiganizo choti ngati akudzibaya yekha, ndi wodwala wofunika thandizo, ngakhale kuti mlandu ulipobe.

Njira ya lipoti ilembeni motsatana: woyang'anira usiku kapena asisitala a wodi usiku womwewo, osadikira kuche, kenako ametroni, ndipo akuluakulu a chipatala ndi amene amatengera nkhani ku famase, ku khonsolo kapena ku polisi. Akaona kuti nkhani yakwiriridwa, namwinoyo akwere pamwamba, ngakhale kukafika ku khonsolo yekha. Osati pa gulu la WhatsApp la wodi, osati kwa anzake ku hositelo. Lipoti lolemba likhale ndi tsiku, nthawi, dzina la mankhwala, amene analipo ndi mawu enieni a wodwala. Apanso ndibwereze, chifukwa ndi pomwe ndinagwera: alembe zimene waona, osati zimene akuganiza. Alembe kuti ndinaona kabotolo kakuikidwa m'thumba pa 22:00, asalembe kuti anaba.

Mawu 150 omaliza ndinawasiyira zoteteza kuti zisachitikenso, ndipo ndinasankha zogwirizana ndi bowo lomwe nkhaniyo inaonetsa: mboni isaine pa bedi mankhwala atabayidwa, osati pa kabati, ndipo asisitala azifananiza rejisitala ndi matchati a odwala, osangowerenga timabotolo.

Ndinapereka Lachinayi, nditasindikiza kawiri chifukwa magetsi anazima pakati pa tsamba lachitatu. Pobweza pepala madamu anandifunsa kuti bwanji sindinalembe chonchi poyamba. Ndinawauza kuti Lachiwiri lija ndinawadikira pa benchi kuyambira 7:30 kuti ndiwafunse zomwezo.