Mmene ndinakonzera mafunso ndi pepala la mayankho kuchokera m'masilaidi a chitetezo pa ntchito

Kushedi kwathu kuno ku Chipata, komwe timasunga chimanga ndi mtedza, akapitawo anandipatsa masilaidi 24 ophunzitsira chitetezo kuti nditulutsemo mafunso khumi.

Ndinayamba ndi kutsegula View kenako Outline View mu PowerPoint kuti ndione mawu onse pamodzi. Apa chenjerani, chifukwa mawu olembedwa pazithunzi satulukamo, ndipo mitundu ya zozimitsira moto inali pachithunzi. Choncho ndinadutsanso silaidi iliyonse ndi maso.

Pa silaidi iliyonse ndinkadzifunsa kuti, kodi munthu akapanda kudziwa ichi angavulale? Mbiri ya kampani ndinaisiya. Zinatsala ndi moto, magetsi, kanyamulidwe ka matumba a makilogalamu 50, ndi mankhwala ophera anankafumbwe.

Ntchito yeniyeni ili pa kafunsidwe. Silaidi 11 imati chozimitsira moto cha chizindikiro chakuda chili ndi mpweya wa CO2. Ndikanangofunsa mtundu, munthu akanaloweza osadziwa pochigwiritsa ntchito. Ndiye ndinalemba chonchi:

Bokosi la magetsi layamba kuyaka. Mwaitana anzanu, koma switchi yaikulu simungaifike. Mutenga chiyani?
A. Ndowa ya madzi
B. Chozimitsira cha chizindikiro chakuda
C. Chozimitsira cha thovu

Mayankho olakwikawo sindinangowatola. Ndowa ndi imene munthu wodzidzimuka amathamangira, ndipo thovu limaoneka ngati loyenera pomwe nalonso lili ndi madzi. Yankho labodza likakhala loseketsa, funsolo siliyesa kanthu. Ndinaonetsetsanso kuti lolondola lisakhale lalitali kuposa anzake, ndiponso lisamagwere pa B nthawi zonse.

Pepala la mayankho ndinkalilemba nthawi yomweyo, funso likangotha. Mzere uliwonse uli ndi nambala ya funso, yankho, silaidi yomwe lachokera, ndi chifukwa chake. Wa funso ili umati: 4, B, silaidi 11, madzi ndi thovu zimadutsitsa magetsi. Chifukwacho n'chofunika kwambiri, poti wochonga amakhala ndi chomuuza amene walakwa. Mafunso atatu, la magetsi, la mankhwala ndi la malo osonkhanirana moto ukabuka, ndinawaika nyenyezi. Wolakwa limodzi mwa amenewa amaphunzitsidwanso ngakhale atakhoza ena onse.

Ndisanasindikize ndinapatsa mafunsowo mnzanga wa mu ofesi amene sanakhale nawo pa maphunziro. Mafunso awiri anawayankha mosaganiza n'komwe, ndiye ndinawalembanso.

Titachonga mayankho a gulu loyamba, ambiri anagwa pa funso la kunyamula thumba. Nditabwerera ku silaidi yake ndinapeza kuti imangoti nyamulani bwino, osatchula zopinda mawondo ndi kusunga thumba pafupi ndi thupi. Funsolo ndinalisiya momwe linalili, koma silaidiyo tinaikonza gulu lachiwiri lisanalowe.