Wilo ikakhalapo ndi ikapanda: mmene ndinayendetsera chuma cha masiye kawiri

Ndagwirapo chuma cha masiye kawiri. Koyamba chinali cha bambo anga, omwe anasiya wilo, kachiwiri cha achimwene, omwe sanasiye kanthu kolembedwa. Anthu akamva za wilo amafulumira kufunsa kuti adya chiyani ndani, koma kusiyana kumene ndinakuona ine kunali pa funso lina: maliro akangotha, ndani ali ndi mphamvu yopita kubanki, yosunga makiyi a galimoto, yolandira lendi? Lamulo lomwe limayankha zimenezi kuno ku Malawi ndi la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967.

Za bambo zinayenda mosavuta. Wilo yawo inali ya masamba awiri, anaisainira pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zinasainanso onse ali pamodzi. Zofunika ndi zimenezo: ilembedwe, mwiniwake akhale wa zaka 18 kapena kuposa ndi wa mutu wabwinobwino, mboni zisachepere ziwiri. Bambo anatenga mnzawo wa kumpingo ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito, anthu omwe sankalandira kalikonse mu wiloyo, ndipo anachita bwino, chifukwa wolandira chuma akakhalanso mboni amaika gawo lake pachiswe. Pa ndime yoyamba penipeni anatchula ine kuti ndidzakhale wokwaniritsa wiloyo.

Ndime imeneyi ndi imene inatipulumutsa. Pa nkhumano ya pambuyo pa maliro, aphwawo a bambo atayamba kunena za chigayo, ndinangotulutsa pepalalo n'kupempha kuti liwerengedwe mokweza. Mphamvu zanga zinachokera mu wilo momwemo, kotero kuyambira tsiku lomwelo ndinkatha kutseka chigayo, kusunga mabuku ake ndi kukaniza aliyense kutulutsa katundu. Kubanki kokha wilo payokha siikwanira. Amafuna kuti bwalo la milandu litsimikize kaye kuti ndi yeniyeni, ndipo chikalata cha chitsimikizo chimenecho ndi chomwe maloya amati pulobeti. Ndinatenga wilo yeniyeniyo, osati fotokope, chiphaso cha imfa, ndi mndandanda wa chuma chonse ndi mtengo wake pamodzi ndi ngongole. Mndandandawu umadutsa kaye kwa oona za msonkho wa chuma cha masiye, kenako ndinalumbira n'kupereka zonse ku Bwalo Lalikulu la milandu, ku nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Bwalo silinandifunse kuti bwanji chigayo chapita kwa mng'ono wanga osati kwa ine. Ntchito yake inali kuona ngati pepalalo linalembedwa motsata lamulo. Pulobeti itatuluka ndinabweza ngongole, n'kugawa monga mwa mawu a bambo, ngakhale pena ndinkaona kuti ine ndikadagawa mwina.

Wilo nayo ili ndi malire ake. Munthu sangagawe chomwe si chake, monga gawo la mkazi wake pa nyumba yomwe anamanga limodzi. Ndipo akasiya mkazi kapena mwana manja lende osawatchula, iwowo ali ndi ufulu wokadandaula kubwalo kuti awapatulireko choti chiwathandize.

Tsono za achimwene. Anamwalira mwadzidzidzi, kusiya alamu anga ndi ana awiri, wa zaka 14 ndi wa zaka 6. Kunalinso mnyamata wa zaka 21 yemwe anabereka asanakwatire, komanso mayi athu, omwe ankadalira iwowo pa feteleza ndi mankhwala. Chuma chinali nyumba m'tauni, minibasi, ndi ndalama kubanki.

Chinthu choyamba chomwe loya anatiuza chinatidabwitsa tonse: pa nthawi imeneyo panalibe ndi mmodzi yemwe wa mphamvu pa chumacho. Alamu analibe, ine ndinalibe, mayi analibe. Munthu akafa wopanda wilo, mphamvu imachita kuperekedwa ndi bwalo, kudzera mu kalata ya ulamuliro pa chuma cha masiye, ndipo kalatayo isanatuluke banki imatseka akaunti ikangomva za imfa. Mpata umenewu, pakati pa maliro ndi kalata, ndi pomwe katundu amasowera. Minibasi inali ikuyendabe, dalaivala akupereka ndalama za tsiku kwa yemwe wayamba kumuimbira foni.

Amalume, monga eni mbumba, anabwera ndi maganizo awo.

“Iwe mwana wa mlongo wanga, galimotoyi ipite kumudzi. Mkaziyu mawa akwatiwa, chuma chathu chidyedwe ndi mwamuna wina?”

Ndinayankha mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. “Malume, pa mwambo wa maliro mawu ndi anu, ndipo sitinakutsutseni. Koma pa chumachi lamulo silikutchula inu, silikutchulanso ine.”

Ndi mmene zilili ndithu. Lamulo la 2011 linatseka njira yolowa chuma cha womwalira potsata mwambo. Olandira ndi mkazi kapena mwamuna wa malemuyo, ana ake onse, wobadwira kunja kwa banja ndi woleredwa mwalamulo omwe, komanso omwe ankadalira malemuyo, monga makolo ake. Alongo, abale ndi amalume amabwera pokhapokha ngati anthu amenewa palibe. Kukwatiwanso sikumulanditsa mkazi wamasiye gawo lake, kupatula pa chuma chomwe chili pa malo a makolo kumudzi, chomwe chimapita kwa ana. Ndipo wotenga chuma cha masiye asali woyenera amapalamula mlandu womwe ungamupititse kundende zaka khumi, n'kulamulidwanso kubweza. Mawu a ndendewa sindinawanene pamaso pa anthu, ndinawanong'oneza asuweni anga kuseri kuti akafikitse okha. Usiku womwewo ine ndi alamu tinalemba katundu yense wa m'nyumba, tinajambula zithunzi, minibasi n'kukaiimika pabwalo la mnansi, makiyi ndi bulubuku n'kutsekera.

Njira zotengera ulamuliro zilipo zingapo. Chuma chikakhala chochepa, nkhani imatha kuthera kwa majisitireti kapena ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma. Banja likakhala lokanganakangana, kapena palibe woti n'kuimirira, chumacho chimatha kuyendetsedwa ndi ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, ija anthu amati kwa Adiminisitireta Jenerale. Ife poti panali nyumba ndi galimoto tinapita ku Bwalo Lalikulu. Woyamba kuganiziridwa ndi amene ali ndi gawo pa chumacho, kotero dzina la alamu linali patsogolo. Koma poti panali ana aang'ono, loya anati afunika anthu awiri, ndipo alamu anasankha ine, mwina kuti akuchimuna asamati chuma chathawira kuchikazi.

Mapepala ake anachuluka kuposa a bambo. Kuwonjezera pa chiphaso cha imfa ndi mndandanda wa chuma, panafunika umboni wa ukwati, umboni wa kubadwa kwa ana, lumbiro loti tafufuza ndipo wilo sinapezeke, ndi chikalata chodzimangirira kuti tikasakaza chumacho tidzalipira. Kufufuzako kunali kwenikweni: tinafunsa kuntchito kwawo, kubanki, kwa loya yemwe anawathandiza pogula malo, ndi kubwalo komwe, poti anthu amasungitsa mawilo m'malo amenewa. Chomwe chinatichedwetsa kwambiri ndi dzina. Pa chiphaso cha unzika achimwene analembedwa ndi dzina la agogo, pa mapepala a nyumba ndi dzina la bambo, ndipo tinachita kulumbira kuti ndi munthu mmodzi. Nthawi yonseyi fizi ya ana inkachokera m'thumba mwanga ndi mu geni ya alamu, ndalama za bambo wawo zili phee kubanki.

Kalata itatuluka tinayamba ndi ngongole, chifukwa chogawa ndi chotsala basi. Kubanki kunali K6,000,000, minibasi tinaigulitsa K9,000,000, zonse pamodzi K15,000,000. Ngongole ya galimotoyo inatsala K2,000,000, ndipo zolipira pa maliro, loya ndi bwalo zinakwana K1,000,000. Zinatsala K12,000,000.

Apa lamulo silipereka magawo oti theka kwa uyu, kotala kwa uyo. Limapereka mfundo zoti zitsatidwe mwa dongosolo lake. Choyamba, a m'banja ndi odalira atetezedwe ku mavuto a kusowa pogwira. Chachiwiri, katundu wa m'nyumba, mipando, mabedi, mbale, filiji, amatsala ndi wamasiyeyo osalowa m'gawo. Zotsala zimagawidwa kwa mkazi ndi ana mofanana ngati palibe chifukwa chapadera, koma pakati pa ana wamng'ono amayenera kulandira zochulukirapo, poti ulendo wake wa sukulu ukadali wautali. Zifukwa zapaderazo ndi monga zomwe malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika, thandizo lomwe wina analandira kale, ndi zomwe mkazi kapena mwana anaikapo pa chumacho.

Mayi tinawapatulira K1,200,000. Zotsala K10,800,000 kugawa panayi zikanakhala K2,700,000 aliyense, ndipo alamu analandira zimenezo. Za ana tinazisuntha: wa zaka 21, yemwe achimwene anamulipirira kale mpaka kumaliza kozi ya zamagetsi, K1,900,000, wa zaka 14, K2,800,000, wa zaka 6, K3,400,000. Za aang'ono awiriwa zinakaikidwa ku maakaunti a mayina awo, kotulutsa mpaka tisaine tonse awiri. Nyumba sitinaigulitse, chifukwa kugulitsa kukanabweretsa mavuto omwewo omwe lamulo likuti apewedwe, komanso alamu anali ndi malisiti a malata ndi simenti zomwe anagula ndi ndalama za geni yawo.

Kovuta kunali kwa mnyamata wamkulu uja. Alamu poyamba sankafuna n'kumva dzina lake komwe. Ndinawauza kuti, “Alamu, lamulo lomwe labweza amalume ndi lomwelo likumulowetsa mwanayu. Tikamusiya akatisumira, ndipo atha kutilanditsa kalatayi.” Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndimuitane. Iyenso anadandaula kuti zake zachepa, mpaka tinamuwerengera ndalama zomwe zinapita kusukulu kwake. Tikanapanda kugwirizana, wogamula akanakhala woweruza, ndipo chuma chikanadikirabe.

Ndalama za penshoni za achimwene zinayenda njira yakeyake. Izi zinatsata fomu yomwe anadzaza kuntchito yotchula odzalandira, ndipo sizinadutse m'manja mwathu ngati oyendetsa chuma. Pa fomuyo panalibe mwana wamng'ono, poti inadzazidwa iye asanabadwe, kotero alamu anakapereka umboni wa kubadwa kwake kwa oyang'anira thumba la penshonilo kuti amuganizire.

Pomaliza tinalemba lipoti la ndalama iliyonse yomwe inalowa ndi kutuluka, malisiti tinamata kumbuyo, ndipo aliyense wolandira anasainira gawo lake. Woyendetsa chuma cha masiye si mwini chumacho, kaya anatchulidwa mu wilo kaya anasankhidwa ndi bwalo, ndipo wolandira aliyense angathe kumufunsa kuti aonetse mmene ndalama zayendera. Kope imodzi ya lipotilo ndinakapereka kwa amalume, ngakhale sankayenera kulandira, kuti za minibasi asamazimvere kwa anthu.