Malikisi alembedwe anthu asanayambe kukambirana: zomwe ndaphunzira pa kukondera pofunsa ofuna ntchito

Pa zonse zomwe ndawerenga zokhudza kafunsidwe ka anthu ofuna ntchito, chomwe chandikhalira m'mutu ndi ichi: kukondera koopsa si kwa munthu wa ziphuphu ayi, koma kwa munthu wachilungamo amene akudziona kuti akuweruza bwino. Wa ziphuphu amadziwa zomwe akuchita. Koma wofunsa amene mtima wake wangomukonda munthu pa mphindi zoyambirira sadziwa kuti chigamulo chagwa kale, ndipo mafunso otsatirawo angokhala ofunafuna umboni woti sanalakwitse.

Zimayamba chonchi. Munthu walowa, watchena, wapereka moni mwaulemu, Chingerezi chikuyenda ngati madzi. Wofunsa amayamba kumumwetulira, kumugwedezera mutu, kumupatsa mafunso ofewa, ndipo akakakamira pa yankho amamuthandiza kumaliza chiganizo. Wina walowa ndi fumbi la pa kabaza, mawu akunjenjemera. Ameneyu amafunsidwa mouma, akangokhala chete pang'ono wofunsa amadumphira funso lina. Pamapeto woyamba uja amayankhadi bwino kuposa mnzake, koma anamuyalira mphasa ndi wofunsa yemweyo. M'chaka cha 1920, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Edward Thorndike, anaona kuti akuluakulu a asilikali akamayesa anyamata awo, amene waoneka bwino pa chinthu chimodzi monga thupi ankapatsidwanso malikisi okwera pa nzeru, utsogoleri ndi khalidwe, ngati kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi. Makolo anaziona kale pomwe ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtundu wachiwiri wa kukondera ndi wa "uyu ndi wathu". Umalowera pa nkhani zocheza zija timati n'zomasula munthu: kwanu n'kuti, munaphunzira sekondale iti, mumapemphera kuti. Zikangopezeka kuti nonse ndi a boma limodzi kapena munadya nsima ya pa sukulu imodzi, wofunsa amamasuka, ndipo kumasukako amakutcha dzina lina: "ameneyu tingagwire naye ntchito bwino." Mawu amenewa ndimawaopa kwambiri, chifukwa samveka ngati tsankho ngakhale kwa wowanenayo. Komatu ku Malawi lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala wofuna ntchito pa zifukwa monga mtundu, chilankhulo, chipembedzo, kulumala, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja. Choncho funso loti "muli ndi ana aang'ono, mudzakwanitsa?" lisafunsidwe n'komwe. Ngati ntchitoyo imafuna kugona kunja masiku atatu pa mwezi, muuzeni aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo mufunseni ngati angathe.

Kudziuza kuti "lero sindikondera" sikuthandiza kwenikweni. Chomwe chimathandiza ndi kusintha kachitidwe kake kuti mtima usapeze polowera. Akatswiri awiri, Frank Schmidt ndi John Hunter, atasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 85 m'chaka cha 1998, anapeza kuti intavyu yokonzedwa bwino, ya mafunso ofanana ndi kapimidwe kofanana, imalosera bwino mmene munthu adzagwirire ntchito kusiyana ndi yongocheza. Tiyeni tione mmene imakhalira, pa chitsanzo chongoyerekeza.

Tinene kuti kopaletivi ya alimi a soya ikufuna kalaliki wosunga katundu m'nyumba yosungiramo zokolola. Ofunsa ndi atatu: wapampando, msungichuma ndi mlangizi wa zaulimi. Asanatsegule n'komwe makalata a ofunsira, akhale pansi agwirizane zinthu zinayi zomwe ntchitoyo imafunadi: kulemba buku la katundu wolowa ndi wotuluka, chochita katundu akapelewera, kusamala mbewu kuti isawole kapena kufumbwa, ndi kuthana ndi mlimi wokwiya pa sikelo. Chifukwa chochitira izi makalata asanaonedwe n'choti mukawerenga kaye kalata ya munthu amene wakusangalatsani, mudzapanga zofunika za ntchito molingana ndi iyeyo. Ali ndi dipuloma, basi dipuloma yasanduka yofunika.

Chinthu chilichonse chikhale ndi funso limodzi, lofunsidwa kwa aliyense m'mawu omwewo ndi mu ndondomeko yomweyo. Lachiwiri likhoza kukhala lotere: "Buku likuonetsa matumba 240 a makilogalamu 50, koma mwawerenga mwapeza 233. Galimoto ya ogula ikubwera mawa m'mawa. Muchita chiyani?" Ndiye pano pali gawo lomwe makomiti ambiri amalidumpha, pamene ndilo mtima wa zonse: kulemberatu yankho la malikisi 1, la 3 ndi la 5. Wopeza 1 ndi amene akuti angosintha nambala m'buku kapena abwezeretsa mwakachetechete. Wopeza 3 ndi amene akuti awerenganso kenako auza wamkulu wake. Wopeza 5 ndi amene akuti awerenganso pamaso pa mboni, afananiza buku ndi malisiti a katundu wolowa ndi wotuluka kuyambira tsiku lomwe anawerenga komaliza, alemba lipoti tsiku lomwelo, ndipo sakhudza nambala ya m'buku mpaka akuluakulu atasayina. Popanda muyeso woterewu, 4 wa msungichuma ndi 4 wa wapampando ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Munthu akamayankha, aliyense wa atatuwo alembe zomwe akunena, osati mmene akuonekera. "Wati afananiza malisiti" ndi umboni. "Akuoneka wodalirika" si umboni. Akangotuluka, pakhale mphindi zisanu za chete, aliyense aike malikisi payekha ndi bolopeni, apereke pepala kwa mlembi, wotsatira asanalowe. Mukadikira mpaka madzulo, mudzakumbukira woyamba, womaliza ndi amene anakusekesani; a pakati adzasokonekera. Ndiponso munthu wamba amene walowa pambuyo pa wolephereratu amaoneka ngati katswiri, choncho aliyense apimidwe ndi muyeso uja osati ndi amene wangotuluka.

Za chete zija ndi zofunika kwambiri kwathu kuno. Tinaleredwa kusatsutsa wamkulu pagulu. Wapampando akangopumira m'mwamba n'kunena kuti "koma mnyamata uyu ndiye ayi, ndi wakupsa," ena awiriwo amakweza malikisi awo mwaulemu, ndipo komiti ya anthu atatu yasanduka ya munthu mmodzi. Ndiye ngakhale nthawi yokambirana ikafika, wamng'ono pa udindo ndiye ayambe kulankhula, wapampando amalize.

Tsopano tione manambala. Mwa ofunsidwawo, awiri atsogola. Woyamba ndi mnyamata wolankhula bwino amene zinapezeka pa moni kuti anaphunzira sukulu imodzi ndi wapampando. Pa mafunso anayi aja wapampando wamupatsa 5, 5, 4, 5, msungichuma 3, 2, 4, 3, mlangizi 3, 3, 4, 3. Zonse pamodzi ndi 44 pa 60. Wachiwiri ndi mayi wa mawu otsika amene anasungapo katundu pa sitolo ya zipangizo zaulimi. Wapampando wamupatsa 3, 3, 2, 3, msungichuma 4, 5, 3, 4, mlangizi 4, 4, 3, 4. Zonse ndi 42.

Mukangowonkhetsa, mnyamata watenga ntchito, ngakhale kuti awiri mwa atatu anaona mayiyo kukhala woposa. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti fomu ya malikisi payokha siichotsa kukondera. Imangokuika poyera kuti kuoneke. Pamafunika lamulo lina logwirizana pasadakhale: paliponse pamene ofunsa asiyana ndi malikisi 2 kapena kuposerapo pa funso limodzi, abwerere ku zomwe analemba, awerenge mokweza mawu a munthuyo, awayike pambali pa muyeso uja.

Pa funso la matumba osowa, mnyamata anapatsidwa 5, 2 ndi 3. Zolemba za onse atatu zikusonyeza kuti anati: "Ine ndine munthu woopa Mulungu, kwa ine katundu sangasowe, koma zitachitika ndingafufuze bwinobwino." Sanatchule kuwerenganso, malisiti, ngakhale kuuza wamkulu. Yankho lokoma m'khutu, koma pa muyeso silifika pa 3. Wapampando watsitsa 5 wake kufika pa 2, mlangizi nayenso watsitsa 3 wake kufika pa 2. Mafunso oyamba ndi achinayi atawunikidwa chimodzimodzi, wapampando watsitsa kufika pa 4 ndi 3, ndipo mnyamata watsala ndi 37. Kwa mayi uja kusiyana kunali pa funso lomwelo la matumba, 3 ndi 5. Iye anatchula kuwerenganso ndi mlonda ngati mboni, kufananiza malisiti ndi kuuza msungichuma, koma za lipoti lolemba sananene. Wapampando wakweza kufika pa 4, msungichuma watsitsa kufika pa 4, ndipo malikisi ake akhalabe 42. Onani kuti si wapampando yekha amene anasuntha. Cholinga si kugonjetsa wamkulu, koma kuti aliyense amangidwe ndi mawu omwe anayankhulidwadi m'chipindamo. Ndipo amene akusintha malikisi alembe chifukwa chake pambali, asayine.

Chizindikiro chodziwira kuti mtima ndiwo ukuyendetsa bolopeni chimaoneka pa mzere wa wofunsa mmodzi. Malikisi a 5, 5, 4, 5 pa maluso anayi osiyana ndi okayikitsa, chifukwa anthu ambiri amakhala amphamvu pena, ofooka pena. Chizindikiro china ndi pepala lokhala ndi malikisi okwera koma zolemba zochepa, kapena zifukwa zongoti "ali ndi mzimu wabwino."

Nkhani ya chilankhulo ndiyofunika kuiganizira padera. Kalaliki ameneyu tsiku lonse azilankhula ndi alimi m'Chichewa kapena Chitumbuka, ndipo Chingerezi azichifuna polemba lipoti lalifupi basi. Mukafunsa zonse m'Chingerezi, mukupima sukulu yomwe munthu anapitako, osati luso losunga soya. Uzani onse pachiyambi kuti ayankhe m'chilankhulo chomwe ali omasuka nacho, ndipo luso lolemba lipimidwe palokha: apatseni malisiti khumi ndi tsamba la buku la katundu, mphindi 20, alowetse manambala ndi kupeza otsala. Pa pepalalo alembe nambala yomwe mwawapatsa m'malo mwa dzina, kuti wochonga asadziwe mwini wake. Dzina lokha limanena zambiri za kwawo kwa munthu.

Njirayi ili ndi polekezera pake. Imagwira kukondera pokhapokha ofunsa akasiyana maganizo. Ngati onse atatu ndi amuna a msinkhu umodzi, a mpingo umodzi, ochokera dera limodzi, onse adzakopeka ndi munthu yemweyo, malikisi adzafanana, ndipo lamulo la kusiyana kwa 2 silidzagwira kanthu. N'chifukwa chake komiti isakanizidwe, ndipo amene ali pachibale kapena paubwenzi ndi wofunsidwa anene poyera mndandanda ukangotuluka, alowedwe m'malo pa intavyu yonse, osati angotuluka pa munthu mmodziyo, poti akatsalamo akhoza kutsitsa opikisana naye. Komanso ngati tsankho linachitika kale posankha oyitanidwa, m'chipinda chofunsiramo mulibe chomwe mungakonze. Choncho muyeso womwewo wa zinthu zinayi ugwiritsidwe ntchito posefa makalata, mlembi atabisa maina, zithunzi ndi maboma ochokera, ndipo mapepala onse a malikisi asungidwe mu fayilo kuti wodandaula akabwera aonetsedwe pomwe anaperewera.