Kusintha mawu pa lebulo ya botolo la uchi mu Photoshop

Mayi wina wogulitsa uchi ananditumizira chithunzi cha botolo lake, nati dzina la malonda lasintha koma malebulo atsopano sanafike kuchokera kosindikiza, pomwe chithunzi chotsatsira chikufunika msanga. Lebuloyo inali ya pepala, yomata pamanja, ndipo mbali ya kumanzere inali ndi makwinya pang'ono pomwe guluu anachepa. Ntchitoyi ndinaichita ndi zida ziwiri, Warp ndi Displace, ndipo chilichonse chili ndi gawo lake. Warp ndiye amazunguliza mawu pa botolo. Displace sadziwa n'komwe kuti botolo ndi lozungulira. Iye amangosuntha mapikiseli pang'ono potsata kuwala ndi mdima, choncho ntchito yake ndi ya makwinya basi. Ambiri amene amadandaula kuti Displace sakugwira amakhala akumupempha ntchito ya mnzake.

Ndinayamba ndi kufufuta mawu akale pa leya yapayokha pogwiritsa ntchito Clone Stamp. Apa chofunika n'chimodzi: kutapa mtundu kuchokera pamwamba kapena pansi pa chilembocho, osati cham'mbali. Pa botolo loima, kuwala kumasintha ukamachoka pakati kupita m'mphepete, koma kuchokera pamwamba kupita pansi kumakhala pafupifupi chimodzimodzi. Ukatapa cham'mbali umasiya chigamba chowala pamalo pamene payenera kuderako.

Kenako ndinajambula bokosi la ngodya zinayi loimira lebulo itatambasulidwa, ndinalemba dzina latsopanolo pamwamba pake, n'kusankha maleya onse awiri n'kudina Convert to Smart Object. Bokosilo lili ndi ntchito: limapangitsa kuti ngodya za Warp zikhale pa ngodya za lebulo, osati pa mawu okha, ndiye umakhala ndi m'mphepete mooneka moti uzitsatira. Ukamaliza umalowa mkati n'kulizimitsa. Smart Object-yo ndiyonso imalola kupinda momasuka, chifukwa mawu wamba amangolandira mapindidwe okonzedweratu.

Ndisanakhudze Warp ndinayang'ana mizere ya lebulo. Wojambula anaika kamera pamwambako pang'ono, ndiye mizere yonse yopingasa inali yotsika pakati, yokwera m'mbali ngati pakamwa pa munthu womwetulira. Komanso m'mphepete mwa pansi munali mopindika kwambiri kuposa mwa pamwamba, popeza ndimo munali kutali ndi msinkhu wa kamera. Mawu okhala pakati pa lebulo ayenera kupindika mwapakatikati pa mizere iwiriyo.

Ndinadina Ctrl+T, kenako batani la kumanja la mausi, n'kusankha Warp. Njira yachidule imene ambiri amathamangira ndi Arch, n'kuika Bend pa nambala yochotsera monga -12. Mzere umapindikadi bwino, koma diso limakanabe, ndipo chifukwa chake n'chakuti Arch sapanikiza zilembo za m'mbali. Pa botolo lenileni, chilembo chikamayandikira m'mphepete chimakhala chikutembenukira kumbali, motero chimaoneka chowonda ngakhale kutalika kwake sikusintha. Botolo langali linali lalikulu mapikiseli pafupifupi 1000 kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, kutanthauza 500 kuchokera pakati. Chilembo chimene chazungulira madigiri 30 chimakhala pa mapikiseli 250 kuchokera pakati, ndipo m'lifupi mwake mumatsala pafupifupi 87 pa 100. Chimene chazungulira madigiri 60 chimakhala pa 433, ndipo chimatsala theka lenileni. Ndiye kuwonda kumayamba pang'onopang'ono, kenako n'kuthamanga kumapeto. Dzina lalifupi la pakati pa lebulo mukhoza kuthana nalo ndi Arch. Lalitali lofika m'mbali, ayi.

Photoshop wa kuyambira 2022 ali ndi Cylinder pamndandanda womwewo wa Warp, ndipo ndi amene ndinagwiritsa ntchito. Ndinakokera ngodya pa ngodya za lebulo, ndinapinda mzere wa pamwamba kaye, n'kukonza wa pansi pambuyo pake, kenako ndinasuntha kadontho ka pakati kamene kamalamula kupanikizika kwa m'mbali. Muyeso wanga unali mawu ang'onoang'ono amene sindinafufute, a kulemera kwa uchi ndi malo okolola: chilembo "a" cha m'mphepete ndinachiyerekeza ndi "a" wa pakati, n'kuonetsetsa kuti zanga zikuwonda chimodzimodzi. Amene ali ndi Photoshop wakale angayambe ndi Arch, n'kusinthira ku Custom, n'kumakoka tizogwirira kuti zigawo za m'mbali zichepe kuposa cha pakati. Zimatheka, koma zimadya nthawi.

Tsopano makwinya. Displace amafuna mapu, amene ndi chithunzi chomwecho chopanda mitundu, chosungidwa ngati fayilo ya PSD. Mapuwo apangidwe kuchokera pa chithunzi chimene mawu akale afufutidwa kale. Mukatenga choyambirira, zilembo zatsopano zimathyokathyoka ndendende pamene panadutsa zakale, ndipo dzina lakalelo limaonekera m'mathyokamo. Ndinazimitsa leya ya mawu, ndinapita pa Image > Duplicate, n'kuphatikiza maleya onse, n'kuchotsa mitundu, osadula kalikonse kuti kukula kufanane ndi chithunzi chachikulu.

Lamulo la mapu ndi ili: imvi ya pakati, ya 128, sisuntha kanthu, zoyera zimakankhira mapikiseli m'mwamba ndi kumanzere, zakuda zimakankhira pansi ndi kumanja. Vuto n'lakuti lebulo yoyerera imakhala cha pa 200 paliponse, ndiye mawu onse amasamuka limodzi kupita m'mwamba kumanzere, pomwe a m'mphepete moderamo amapita kwina. Mankhwala ake ndi Filter > Other > High Pass. Ndinaika pa 30, ndipo lebulo yonse inasanduka imvi ya pakati, n'kutsala makwinya okha. Pambuyo pake ndinathira Gaussian Blur wa mapikiseli 3 kuti timadontho ta pepala tisamatafune m'mphepete mwa zilembo. Mukaona zilembo zili ndi mano ngati a sowo, mapu anu sanasalale mokwanira.

Nditasunga mapuwo ndinabwerera pa leya ya mawu, n'kupita pa Filter > Distort > Displace. Mabokosi awiri a Horizontal Scale ndi Vertical Scale amabwera ali pa 10. Kwa ine zinachuluka, mawu anaoneka ngati anyowa, ndiye ndinatsitsira pa 5, ndinasiya Stretch To Fit ndi Repeat Edge Pixels, n'kuloza fayilo ija. Nambala imeneyi imayenda ndi kukula kwa chithunzi; pa chithunzi chaching'ono cha pa WhatsApp ngakhale 3 akhoza kuchuluka. Displace akakhala wozimiririka osadinika, onani pa Image > Mode, nthawi zambiri chithunzi chimakhala pa 16 Bits/Channel ndipo chimafunika kutsitsidwira pa 8. Pa botolo la galasi losalala la lebulo yomatidwa ndi makina, gawo lonseli ndimalidumpha, chifukwa palibe choti asunthe.

Chotsala chinali kuwala. Mawuwo anali abulauni woderako pa pepala loyerera, ndiye Multiply analowetsa mthunzi wa m'mbali mwa zilembo. Koma kumanja kunali mzere wonyezimira wochokera pa windo, ndipo inki yeniyeni imayererako pamalo otero. Ndinatsegula Layer Style, pa Blend If ndinagwira Alt n'kugawa kakatatu koyera ka mzere wa pansi, n'kukokera theka lake kumanzere mpaka kunyezimirako kunadutsa pa zilembo. Pomaliza ndinathira Gaussian Blur wa 0.6 ndi Add Noise wa 2% pa mawuwo, chifukwa chithunzi chinali cha pa foni ndipo zilembo zanga zinali zakuthwa kuposa china chilichonse pamenepo.

Madzulo ake mayi aja anaimba kuti chilembo chimodzi chikhale chachikulu. Ndinadina kawiri pa kachithunzi ka Smart Object, ndinasintha chilembocho, ndinadina Ctrl+S, ndipo kupindika, makwinya ndi kuwala zonse zinabwerera pamalo pake zokha. Chongosamala mkatimo n'kusakhudza Canvas Size, chifukwa kukula kukasintha, mawu amatambasuka kapena kufinyika pa lebulo ndipo Warp uja amafunika kukonzedwanso.