Mmene ndimagwiritsira ntchito ziganizo zakale pomasulira malipoti a mwezi ndi mwezi

Lipoti lomwe ndimamasulira mwezi uliwonse ndi la ntchito ya madzi ndi ukhondo kuno ku Harare. Limabwera m'Chingerezi, ndipo la Chichewa limakawerengedwa m'magulu a anthu athu a ku Mbare ndi Mufakose, omwe makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Zambia. Zambiri zolembedwamo sizisintha: mawu oyamba, mitu ya ndime, chenjezo la kolera. Ndimagwiritsa ntchito OmegaT, pulogalamu ya pakompyuta yothandiza omasulira, chifukwa ndi yaulere ndipo siilira intaneti. Imasunganso yokha ntchito mphindi 3 zilizonse, zomwe zimandipulumutsa magetsi akathima mwadzidzidzi.

Mwezi uliwonse ndimatsegula pulojekiti yatsopano, chinenero cha lipotilo n'kuika `en`, chathu `ny`. Lipotilo ndimaliponya mufoda ya `source`. Kenako ndimapita ku pulojekiti ya mwezi watha kukatenga nkhokwe ya ziganizo, fayilo yomwe dzina lake limathera ndi `-omegat.tmx`. Imeneyi imatuluka yokha munthu akadina `Ctrl+D` popanga lipoti lomasulira. Poiika pamafunika kuganiza. Mukaiika mu `tm`, ziganizo zakale zimangooneka pambali kuti musankhe nokha. Mukaiika mu `tm/auto`, chiganizo chilichonse chofanana ndendende ndi chakale chimadzazidwa popanda kukufunsani. Ine mu `tm/auto` ndimaikamo zokhazo zomwe zinawunikidwa kale n'kuvomerezedwa.

Pa kuwunikako ndi pomwe ambiri amataya. Mayi omwe amawunika ntchito yanga amakonza zolakwika mufayilo ya Word, koma nkhokwe siidziwa kanthu za zimenezo. Ndiye fayilo ikabwerako ndimatsegulanso pulojekiti yakale, n'kulowetsamo zokonzazo chimodzichimodzi, n'kudinanso `Ctrl+D`. Kupanda kutero, cholakwika chomwecho chimatulukanso mwezi wotsatira, chitavala 100%, chizindikiro choti chiganizo cha Chingerezicho chikufanana ndendende ndi chakale.

Ndikadina `F5` zonse zimalowa, ndipo ndi `Ctrl+U` ndimalumphira pa ziganizo zosamasulira zokha. Apa ndiye pali ntchito yeniyeni. Pazenera la `Fuzzy Matches` pamaoneka manambala atatu osonyeza mmene chiganizo chatsopano chikufanirana ndi chakale. Awiri oyambirira sawerengera ziwerengero ndi zizindikiro za kakonzedwe ka zilembo, lachitatu limawerengera zonse. Choncho oyambawo akakhala 100 koma lachitatu n'kutsika, ndimadziwiratu kuti mawu ndi omwewo, kwasintha nambala kapena chizindikiro.

Nachi chitsanzo. Mwezi watha ndinalemba kuti: "Mijigo 12 yomwe inawonongeka yakonzedwa ku Budiriro." Mwezi uno m'Chingerezi mwasintha liwu limodzi lokha, pa mijigo pabwera zimbudzi, ndipo pulogalamu ikuti ziganizozi zikufanana cha m'ma 80. Ndikadina `Ctrl+R` chakale chija chimalowa chonse. Wopupuluma angofufuta "mijigo", kulemba "zimbudzi", n'kupitirira. Chotuluka chake ndi "Zimbudzi 12 yomwe inawonongeka yakonzedwa", chiganizo choti agogo a ku Mbare angachimve n'kufunsa kuti walemba ndi mwana wa ndani. Manambala aja amayeza Chingerezi chokha, sadziwa kuti kwathu dzina likasintha limakoka mawu onse otsatira: "Zimbudzi 12 zomwe zinawonongeka zakonzedwa." Malo anayi m'malo mwa amodzi. Nambala ikatsika kufika pa 1, zimasinthanso: "Mjigo umodzi womwe unawonongeka wakonzedwa."

Choopsa kuposa pamenepo ndi kaliwu kokana. Chiganizo chachitali chonena kuti ntchito yatha ndi china chonena kuti siinathe zimatha kufanana kwambiri, chifukwa m'Chingerezi kusiyana kwake ndi kaliwu ka zilembo zitatu. N'chifukwa chake ndisanadine chilichonse ndimayamba ndayang'ana mawu omwe pulogalamu yawapaka mtundu wina posonyeza kusiyana, kenako ndimawerenga chiganizo cha Chichewa mokweza mpaka kumapeto. Zikafanana mochepera 70, nthawi zambiri ndimalemba chatsopano, n'kungofufuza ndi `Ctrl+F` kuti ndione mmene ndinatchulira zinthu monga mankhwala othira m'madzi, kuti dzina lisamasinthesinthe.

Nthawi zina ndime yomwe ndikuidziwa bwinobwino imabwera yopanda chofanana nacho. Kawirikawiri vuto limakhala kadulidwe ka ziganizo. Lipoti likakoperedwa kuchokera mu PDF, mzere uliwonse umathera pawokha, ndipo chiganizo chimodzi chimaduka pawiri kapena patatu, pomwe munkhokwe chili chathunthu. Chizindikiro chake ndi tiziganizo toyamba ndi chilembo chaching'ono kapena tothera m'malere. Zikatero sindiyamba n'komwe kumasulira. Ndimatsegula fayilo ya mu `source` ija, kulumikiza mizere yodukayo, kusunga, n'kudinanso `F5`, ndipo ziganizo zija zimabwerera pa 100%. Akundipatsa ntchitowo ndinawapempha kuti azinditumizira fayilo ya Word yeniyeniyo.