Lachiwiri Linathera Kuchipatala, Madiresi a Chinkhoswe Akudikira

Lachiwiri m'mamawa mwana wanga anadzuka thupi litatentha, akusanza. Ndinamubereka ulendo wa kuchipatala, anamupeza ndi malungo, ndipo tinabwerera dzuwa litapendeka titalandira LA. Makina anga osokera sindinawakhudze n'komwe.

Kale zikatere ndinkangoti ntchito ya lero ndiiphatikiza ndi ya mawa. Izi zinandipweteka kangapo, chifukwa Lachitatu nalo limakhala ndi katundu wakewake. Ndiye usikuwo, mwana atagona, ndinatenga kope la maoda n'kuyamba kuwerenga maola.

Panali madiresi anayi a chinkhoswe cha Loweruka, lililonse limandidyera maola anayi, onse pamodzi 16. Mayunifomu asanu ndi limodzi, maola 9. Zipi, kupinda mathalauza ndi zigamba, maola atatu. Zonse 28. Ine ndimasoka maola 8 pa tsiku, koma apa ndinalemba 6 okha. LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, amafuna mwana adye kaye, ndipo mwana wodwala safuna kuchoka pamiyendo pa mayi ake. Vuto silithera tsiku limene lagwa, limadyako ndi masiku otsatira. Lachitatu mpaka Lachisanu ndinali ndi maola 18 basi. Khumi anali kuperewera.

Chinkhoswe sichisunthika, choncho madiresi anatenga malo oyamba. Lachitatu m'mawa ndinadula onse anayi nthawi imodzi mutu usanatope, popeza chitenje ukachidula molakwika sichibwerera, ndipo mtundu womwewo mwina sukaupezanso pamsika. Ndinawauza eni ake abwere adzayese Lachinayi madzulo, osati Lachisanu, kuti pakapezeka pothina kapena pokhwepa ndikhale ndi tsiku lokonza. Maola awiri otsalawo ndinawasiya opanda ntchito dala.

Chondilemera chinali kuimba mafoni, koma ndinaimba Lachitatu lomwelo. Kwa mayi wina ndinati, “Amayi, pepani, mwana wandidwalira. Yunifomu ija ituluka Lachiwiri, kodi mwana ali nayo ina yovala?” Anayi anati palibe vuto. Awiri ana awo analibiretu chovala Lolemba, ndiye ndinadula ndekha n'kupereka kwa telala mnzanga wa pakhonde loyandikana kuti alumikize, ndinamulipira kuchokera pa ndalama yomweyo. Phindu linachepa, komabe anthuwo sanandithawe. Azipi ndi zigamba ndinawauza sabata yamawa, ndipo ntchito yatsopano sindinalandire mpaka Lolemba, ngakhale ndalamayo ndinkaifuna kwambiri.

Lachinayi poyesa, diresi limodzi linathina m'khwapa. Ndinalimasula Lachisanu m'mawa, ndipo ola limodzi mwa awiri aja linapita pamenepo. Lina linapita madzulo magetsi atazima, pokoleza makala a m'simbi. Eni madiresi anabwera kudzatenga cha m'ma 5 koloko, mwana ali pamphasa pambali panga akudya phala.